Tebulo la mu PDF likakana kulowa bwino mu Excel

*Ndine mlembi wa bungwe la alimi kuno ku Ulongwe. Amene anatigula chimanga atitumizira lipoti la PDF, ndipo mkatimo muli tebulo la masamba 6 losonyeza makilogalamu ndi ndalama za mlimi aliyense. Ndikakopera n'kumata mu Excel, zonse zikuunjikana mu kolamu imodzi. Mphwanga anayesa kuzilekanitsa, koma tikawonkhetsa sizikufika pa chiwerengero chimene chili pansi pa lipotilo. Ndichite bwanji, poti mayina oposa 200 sindingawalembe pamanja?*

A mlembi, musanavutike ndi china chilichonse, aimbireni amene anatumiza lipotilo muwapemphe fayilo ya Excel imene anapangira PDF imeneyo. Tebulo la alimi 200 salilemba mu PDF mwachindunji. Linayambira mu Excel kapena mu pulogalamu yawo yowerengetsera ndalama, ndipo fayiloyo ili pa kompyuta ya munthu wina wake. Akakupatsani, ntchito yatha. Koma poti maofesi ambiri amakonda kunena kuti "tikutumizirani mawa", tiyeni tione zochita ndi PDF imene muli nayoyo.

Inu mukaona tebulo pa tsamba mumaona mizere ndi makolamu, koma PDF siisunga zinthu motero. Imasunga malangizo ojambulira tsamba: chilembo ichi chikhale apa, nambala iyi ikhale apo, kamzere aka kachoke apa kafike apo. Siidziwa kuti 850 ndi ya mlimi amene dzina lake lili kumanzere kwake, imangodziwa malo amene 850 yaikidwa pa pepala. N'chifukwa chake mukakopera mumatenga mawu okha, malire a timabokosi amatsala, ndipo Excel imathira zonse mu kolamu imodzi. Pulogalamu iliyonse yotulutsa tebulo mu PDF imachita kulota malire amenewo poona mipata ndi mizere yojambulidwa. Nthawi zambiri imalota bwino, nthawi zina imaphonya osakuuzani.

Poti mwanena kuti mawu akukopeka, ndiye kuti PDF yanu ili ndi zilembo zenizeni, si chithunzi cha pepala. Mutha kutsimikiza podina `Ctrl+F` n'kufufuza dzina limodzi la patsamba lomaliza. Likapezeka, zili bwino.

Njira yotulutsira idalira Excel imene muli nayo. Ngati ndi ya Microsoft 365 pa Windows, pitani pa `Data`, kenako `Get Data`, `From File`, `From PDF`. Pabwera bokosi la `Navigator` losonyeza zimene yapeza, zina zolembedwa ngati `Table001 (Page 1)`, zina ngati `Page001`. Zoyamba ndi matebulo amene yawazindikira, zachiwiri ndi tsamba lathunthu. Chongani `Select multiple items`, sankhani matebulo a masamba 6 onsewo, kenako dinani `Transform Data`. Musadine `Load` ayi, chifukwa chake ndikuuzani posachedwa. Mkatimo matebulowo mumawalumikiza kukhala limodzi ndi `Append Queries as New`.

Makompyuta ambiri a m'mabungwe athu ali ndi Excel yakale, ya 2010, 2013 kapena 2016, ndipo mmenemo `From PDF` mulibe. Pamenepo ine ndimagwiritsa ntchito Tabula. Ndi yaulere, imafuna Java pa kompyuta, ndipo ngakhale imatseguka mu burawuza, imagwira ntchito pa kompyuta yanu yomweyo popanda intaneti. Mukangoitsitsa kamodzi, za bandulo mwaiwala. Mumalowetsa PDF, n'kujambula bokosi ndi mbewa kuzungulira tebulo la patsamba loyamba. Jambulani tebulo lokha, osatenga mutu wa lipoti kapena nambala ya tsamba. Ngati masamba onse anayalidwa mofanana, `Repeat this Selection` imabwereza bokosilo m'masamba otsatira, komabe muwayendere limodzilimodzi, chifukwa tsamba loyamba kawirikawiri limayambira m'munsi kuposa anzake. Kenako mumadina `Preview & Export Extracted Data`. Apo pali njira ziwiri. `Lattice` imatsata mizere yojambulidwa, ndipo ndiyo yabwino ngati kabokosi kalikonse kali ndi malire mbali zonse. `Stream` imatsata mipata ya pakati pa mawu, ya matebulo opanda mizere. Yesani zonse ziwiri, diso likuuzani yomwe yatuluka bwino. Posunga sankhani `TSV` m'malo mwa `CSV`, popeza manambala athu ali ndi mpatuliro mkati mwake ndipo sitifuna kuti usokonezeke ndi wolekanitsa makolamu.

Pali masamba a pa intaneti amene amasintha PDF kukhala Excel mwaulere. Pa lipoti la boma limene aliyense angaliwerenge palibe vuto. Koma lanulo lili ndi mayina a anthu ndi ndalama zawo, mwinanso manambala a foni olandirira ndalama. Zotere ine sindingazikweze pa kompyuta ya munthu amene sindimudziwa.

Tsopano ku vuto lenileni, la chiwerengero chosakwana lija. Ndikukhulupirira kuti mphwanu analekanitsa makolamu bwinobwino, ndipo chimene chinamugwetsa ndi kalembedwe ka manambala. Kuno ku Mozambique timalemba mwa Chipwitikizi: kadontho kamalekanitsa masauzande, ndipo mpatuliro, uja timati vigula, ndiwo umayambitsa masentavu. Tikalemba 1.250 ndiye kuti sauzande imodzi ndi 250, tikalemba 22,50 ndiye kuti metikali 22 ndi theka. Koma malaputopu ambiri kuno kumalire anabwera kudzera ku Dedza kapena ku Lilongwe, ndipo anatcheredwa mwa Chingerezi, mmene kadontho ndi vigula zimagwira ntchito mosinthana. Kompyuta yotero ikaona 1.250 imawerenga kuti kilogalamu imodzi ndi kota.

Tiyeni tiyese ndi mizere isanu yongoyerekeza ya kolamu ya makilogalamu:

```
850
1.250
2.400
975
1.100
```

Munthu wa kuno akawonkhetsa apeza makilogalamu 6.575. Excel yotcheredwa mwa Chingerezi itenga 850 ndi 975 molondola, koma zitatu zinazo izisandutsa 1.25, 2.4 ndi 1.1, ndipo yankho lake likhala 1829.75. Palibe chenjezo lililonse, palibe kabokosi kofiira. Alimi amene anagulitsa chimanga chochepera tani imodzi ali bwino, amene anagulitsa chambiri ndiwo asanduka a kilogalamu imodzi kapena ziwiri. Mukayang'ana kolamu yanu n'kupeza manambala aang'onoang'ono ngati 2.4 pakati pa ma 800 ndi ma 900, matenda ndi amenewa.

Kolamu ya ndalama imadwala mwa mtundu wina. Nambala ngati 28.125,00 kompyuta ya Chingerezi siimvetsa n'komwe, ndiye imangoisunga ngati mawu. Imaoneka bwinobwino pa sikirini, koma `SUM` imadumpha mawu mwakachetechete. Chizindikiro chake n'chosavuta: manambala enieni amatsamira kumanja kwa kabokosi, osandulika mawu amatsamira kumanzere. Kuti musadalire diso lokha, werengetsani kawiri:

```
=COUNT(F2:F213)
=COUNTA(F2:F213)
```

Yoyamba imawerenga timabokosi ta manambala enieni, yachiwiri imawerenga tonse tosakhala topanda kanthu. Yachiwiri ikanena 212 pamene yoyamba ikuti 40, ndiye kuti mizere 172 siikulowa m'chiwerengero chanu. Ngati Excel yanu ndi ya Chipwitikizi, mayina a mafomula ndi ena, monga `SOMA` m'malo mwa `SUM`, ndipo pa kompyuta yotcheredwa mwa Chipwitikizi zigawo za fomula zimalekanitsidwa ndi `;` osati `,`.

Mfundo imene ndikufuna muigwiritsitse ndi yakuti kukonza kumayenera kuchitika manambala asanasandulike. 2.400 ikangokhala 2.4, maziro aja apita, ndipo palibe amene angadziwe ngati poyamba inali makilogalamu 2.400 kapena 2,4. Ena amati, basi tingochulukitsa ndi 1000 manambala onse aang'ono. Pa kolamu ya chimanga mwina mupulumuka, poti palibe amagulitsa makilogalamu awiri. Koma yesani zimenezo pa kolamu ya mahekitala kapena ya mbewu, mmene 2,4 ndi nambala yoona, mudzapatsa munthu munda wa mahekitala 2.400. Choncho fayilo ya mphwanuyo isiyeni, muyambirenso kuchokera ku PDF, ndipo ulendo uno zonse zilowe ngati mawu poyamba.

Ngati mwadzera njira ya `From PDF`, apa ndi pamene paja ndinati musadine `Load`. Mu Power Query, zenera limene limatseguka mukadina `Transform Data`, kumanja kuli mndandanda wa `Applied Steps`, ndipo kawirikawiri mupezamo sitepe ya `Changed Type` imene pulogalamu yadziikira yokha. Ifufuteni ndi kamtanda kali pambali pake, m'tebulo lililonse, musanawalumikize. Sitepe imeneyi ndi yoopsa kuposa kumata wamba, chifukwa pa kompyuta ya Chingerezi imatha kutenga mtengo wa 22,50 n'kuusandutsa 2250, poganiza kuti vigulayo ndi ya masauzande. Mukaifufuta, dinani kumanja pa mutu wa kolamu, sankhani `Change Type`, kenako `Using Locale`. Mtundu ukhale `Decimal Number`, ndipo pa dziko musankhe `Portuguese (Brazil)`. Mwina mudabwa kuti bwanji osasankha Portugal kapena Mozambique. Chifukwa chake n'chakuti pa Windows ya masiku ano matcheredwe a Portugal amalekanitsa masauzande ndi mpata, pamene a Brazil amagwiritsa kadontho ndi vigula ndendende ngati lipoti lanu. Sitikusankha dziko limene tikukhala, tikusankha kalembedwe kofanana ndi kamene kali pa pepala.

Ngati mwadzera ku Tabula, fayilo yotulukayo musaitsegule poidina kawiri, chifukwa Excel imasintha manambala nthawi yomweyo musanaone kanthu. Tsegulani Excel yopanda kanthu, mupite pa `Data`, `From Text`, musankhe `All Files` kuti fayilo ya `TSV` ioneke, ndipo pa sitepe yomaliza musankhe makolamu onse n'kuwaika pa `Text`. Pa sitepe yoyamba, pa `File origin`, sankhani `65001 : Unicode (UTF-8)`, apo ayi mayina a zilembo za Chipwitikizi aphwanyika, `Angónia` n'kutuluka ngati `AngÃ³nia`. Zonse zikalowa ngati mawu, pangani kolamu yatsopano pambali, ikhale ya `General`, mulembemo:

```
=NUMBERVALUE(D2,",",".")
```

Fomulayi ikuuza Excel kuti vigula ndiyo ya zidutswa ndipo kadontho ndi ka masauzande, mosasamala kuti kompyutayo inatcheredwa bwanji. Inayamba ndi Excel 2013. Wa Excel 2010 agwiritse `Text to Columns`, pa sitepe yachitatu adine `Advanced` n'kuika zizindikiro ziwiri zomwezo.

Malipoti ena, makamaka a maofesi a boma, salemba kadontho koma amasiya mpata, monga 12 500. Mpata umenewo nthawi zina si wamba, ndi chilembo chapadera choletsa nambala kuduka pa mapeto a mzere, ndipo `TRIM` siichichotsa. Fomula ikakubwezerani `#VALUE!` pa nambala yooneka yabwinobwino, yambani mwachotsa chimenecho:

```
=NUMBERVALUE(SUBSTITUTE(D2,CHAR(160),""),",",".")
```

Makolamu a nambala ya chitupa, ya NUIT kapena ya umembala asiyeni akhale mawu mpaka kalekale. Sawonkhetsedwa, ndipo mukawasandutsa manambala, 0047 isanduka 47.

Manambala akakhala bwino, patsala zinyalala zimene tebulo la masamba ambiri limabwera nazo. Mutu wa makolamu umabwerezedwa pamwamba pa tsamba lililonse, ndiye mupeza mizere isanu yowonjezera yolembedwa `Nome` ndi `Quantidade` pakati pa alimi. Imeneyo siivuta, `Filter` imaionetsa. Yovuta ndi mizere ya `Subtotal` kapena `A transportar`, chifukwa ili ndi manambala enieni ndipo imalowa m'chiwerengero ngati mlimi. Yankho lanu likatuluka kuwirikiza kawiri ndendende chiwerengero cha lipoti, mwawerengera pamodzi mzere wa `Total`, kapena masabutotolo onse. Likawirikiza katatu, mwawerengera zonse ziwiri. Musaifufute msanga mizere imeneyi. Isamutsireni pa pepala lina, poti tiifuna poyesa ntchito yathu.

Chinanso ndi mayina aatali. Dzina likaduka n'kupitirira mzere wachiwiri m'kabokosi kake, njira ya `Stream` imaona ngati ndi anthu awiri: wina ali ndi manambala, wina ali ndi chidutswa cha dzina chokha. Sefani kolamu ya makilogalamu ionetse topanda kanthu, mupeza zidutswazo, muzibwezere kwa eni ake pamanja. Pa alimi 200 sizingapose zochepa. Palinso kolamu ya dera, imene olemba malipoti amakonda kulemba Domwe kamodzi kokha pamwamba pa gulu lonse la ku Domwe. Mu Power Query `Fill` kenako `Down` imadzaza dzinalo mpaka pamene dera lina layambira. Chitani zimenezi musanasanje mizere mwanjira ina iliyonse, chifukwa mukasanja kaye simudzadziwanso kuti uyu ndi wa kuti.

Choopsa kwambiri pa zonsezi ndi kabokosi kopanda kanthu. Tinene kuti mlimi wina sanalembedwe mtengo. Pa pepala pali mpata, diso likuona. Koma polekanitsa mawu omatidwa potsata mipata, mpata umenewo umasowa, ndipo ndalama zake zimasunthira kumanzere kukakhala mu kolamu ya mtengo. Ndinaziwonapo pa mndandanda wina wa feteleza umene ndinathandiza kukonza: mizere itatu yokha ndiyo inasuntha pa mizere mazana, ndipo tinaipeza tsiku lachiwiri. N'chifukwa chake kumata ndi kulekanitsa potsata mipata sindikulimbikitsa pa tebulo lalitali. Mayina enieniwo ali ndi mipata mkati, wina mawu awiri, wina anayi.

Mwayi wanu ndi wakuti tebulo lanu limatha kudziyesa lokha. Makilogalamu kuchulukitsa ndi mtengo ziyenera kupereka ndalama. Tinene kuti makolamu okonzedwa aja ndi G ya makilogalamu, H ya mtengo, I ya ndalama. Pa mzere uliwonse ikani:

```
=ROUND(G2*H2-I2,2)
```

Mlimi wa makilogalamu 1.250 pa metikali 22,50 ayenera kulandira 28.125,00, ndipo fomulayi ipereka 0. Kokerani pansi mpaka mzere womaliza, kenako sefani muone osakhala 0. Mzere wosuntha, nambala yodukidwa, mtengo wosandulika 2250, zonse zimagwidwa pano, ndipo mumadziwa mzere weniweni woti mukauyang'ane mu PDF.

Kenako yerekezani ziwerengero, koma osayamba ndi cha pansi penipeni. Onjezani kolamu yolemba tsamba limene mzere uliwonse wachokera, 1 mpaka 6. Werengani kuchuluka kwa mizere ya tsamba lililonse muyerekeze ndi PDF. Ngati lipotilo lili ndi nambala ya mzere, onani kuti yomaliza ikugwirizana ndi kuchuluka kwa mizere yanu. Mukatero wonkhetsani tsamba ndi tsamba, kapena dera ndi dera, moyerekeza ndi masabutotolo munasunga aja. Kusiyana kukapezeka pa tsamba 4, mukufufuza mizere 35 m'malo mwa 212. Kusiyanako kukhalenso kokuuzani kanthu. Kukakhala ndendende nambala imene ili m'tebulo, monga 975, mzere umenewo wasowa kapena walowa kawiri, ndipo kawirikawiri umakhala woyamba kapena womaliza pa tsamba, pamene bokosi la Tabula linadula. Kukakhala kogawika ndi 9, monga 270, ganizirani manambala awiri osinthana malo pamene munthu analemba pamanja, 1.520 m'malo mwa 1.250. Ndi nzeru yakale ya osunga mabuku a ndalama, ndipo imagwirabe.

Zimachitikanso kuti mizere yonse mwaiyang'ana, ikufanana ndi PDF, koma chiwerengero cha pansi sichikugwirizanabe. Pamenepo cholakwa chili mu lipoti lenilenilo. Mwina wina anaonjezera alimi kumapeto koma fomula yake sinawafikire, kapena anabisa mizere ina asanapange PDF. Musasinthe nambala ya mlimi aliyense kuti zikwane. Lembani kusiyanako, tsamba lake ndi kuchuluka kwake, mupite nako kwa ogulawo, makamaka ngati ndalama zimene analipira bungwe zinatsata chiwerengero cha pansicho.

Tsiku lina adzakutumizirani lipoti losindikizidwa, losainidwa, lodindidwa chidindo, kenako n'kujambulidwa pa sikana kapena pa foni. Limenelo ndi chithunzi, `Ctrl+F` siipeza kanthu, ndipo Tabula siingatulutsemo chilichonse. Pamafunika kaye pulogalamu yozindikira zilembo pa chithunzi, imene amaitcha OCR. Kwa odziwa kulemba malamulo pa kompyuta, OCRmyPDF imachita zimenezi kwaulere:

```
ocrmypdf -l por lipoti.pdf lipoti_ocr.pdf
```

`por` ndi Chipwitikizi, kuti izindikire zilembo zake. Fayilo yotulukayo ndiye mumapita nayo ku Tabula, ndipo musankhe `Stream`, chifukwa mizere ya tebulo la pa sikana ndi mbali ya chithunzi, `Lattice` siiona bwino. Koma OCR imasokoneza 0 ndi O, 1 ndi l, 5 ndi S, ndipo pa fotokope yofooka kadontho ndi vigula zimafanana, kapena kusowa kumene. Chidindo chikagwera pa manambala ndiye basi. Pa tebulo lojambulidwa la mizere 30 kapena 40, ine ndimangolemba pamanja, wina akundiwerengera mokweza, kenako tisinthane iye ayang'ane pa sikirini ine ndikuwerenga pepala. Pa la mizere 200 OCR imapulumutsa nthawi ya mayina, koma kolamu ya makilogalamu ndi ya ndalama muyenera kuiyendera yonse ndi fomula ya `ROUND` ija.

Pa fayilo yanu ya Excel musiye mapepala awiri. Loyamba likhale ndi tebulo monga momwe latulukira mu PDF, lonse ngati mawu, ndipo musalikhudze. Lachiwiri ndiye lokonzedwa, lokhala ndi kolamu ya tsamba ija. Mlimi akadzabwera ku ofesi kudzati makilogalamu ake si amenewo, mudzatsegula mzere wake, muone kuti wachokera tsamba 3, mutsegule PDF pa tsamba 3, muyerekeze ndi lisiti limene anapatsidwa pa sikelo.